Magazi ofiira opanda ululu pa masabata 31: lipoti la mayi amene nsengwa inatseka khomo la chiberekero

Ndine kilinikala ofesa, ndimagwira ku mateniti pa chipatala china cha boma, ndipo nkhani iyi ndinayilemba kaye kuti tikambirane pa mitingi ya mmawa ndi anzanga kenako ndinaona kuti bwanji ndiyilembenso mu Chichewa momwe timayankhulira mu wodi. Mayiwa dzina lawo sinditchula, mudzi wawonso ayi, zina ndasintha dala kuti asadziwike.

Anali a zaka 33, mimba ya chisanu. Ana atatu amoyo, pathupi pamodzi panachoka pa miyezi itatu ndipo anakawakolopa mchiberekero, mwana womaliza anabadwa pa opaleshoni zaka 4 zapitazo chifukwa matenda anatalika mwana osatsika. Sikelo anayamba mochedwa, cha mma masabata 22, pa helefu senta ya kwawo pomwe palibe sikani, nde mimba yonseyi palibe anaonapo mkati. Tsiku lomwe anasamba komaliza ankalikumbukira bwino chifukwa akuti inali sabata yomwe anayamba kukolola chimanga mu Epulo, ndipo tikawerenga zimatipatsa masabata 31 ndi masiku 2 pa tsiku lomwe anafika kwa ife, chapakati pa Novembala mvula yoyamba itangogwa kumene.

Mmene anafotokozera okha: "Adokotala ine ndinagona bwinobwino, ndadzuka cha mma 3 koloko ndikumva kunyowa, ndimayesa ndakodza pamphasa kapena nsupa yasweka, kuyatsa tochi ya pa foni ndi magazi okhaokha, koma osamva kupweteka olo pang'ono." Ndinawafunsa kawiri katatu za kupweteka, msana, mmimba, kumangika, iwo ayi. Sanagwe, sanamenyedwe, sanakhale pamodzi ndi bambo usiku umenewo, sanamwe mwanamphepo kapena mankhwala ena achikuda. Mwana akusewera ngati kale. Apongozi awo amene anabwera ngati gadiyani anatulutsa mu jumbo zitenje ziwiri, chimodzi chonyoweratu china theka, magazi ake ofiira kuti psuu ndi timibulu tochepa, osati akuda aja. Ndimakonda gadiyani wobwera ndi nsalu chifukwa mawu oti "magazi ambiri" aliyense ali ndi muyeso wakewake.

Namwino wa pa helefu senta anachita chinthu chimodzi chomwe ndikuganiza kuti ndi chomwe chinapangitsa kuti mayiwa afike akuyankhula: sanapime ndi zala kunjira. Anaika diripi, analemba pa kalata kuti sanapime, nkuitana ambulansi. Zimamveka ngati zazing'ono koma dzanja la mzamba linazolowera, mayi woyembekezera akangofika usiku akuti kunjira kukutuluka zinthu magolovesi amakhala avalidwa kale. Pamene nsengwa yagona pakhomo la chiberekero, chala chikalowa chimakabowola kapena kumatula nsengwa yomweyo, ndipo kumapeto kwa mimba magazi opita ku chiberekero amaposa theka la lita pa mphindi imodzi, nde tangoganizani mutsegule pompi imeneyo muli pa helefu senta pomwe fiyeta, chipinda chopangira opaleshoni, ili pa mtunda wa maola awiri.

Pofika kwa ife magazi anali atachepa, pa padi pamangooneka madontho. Mtima ukugunda 104, bipi 108/66, kutentha kwa thupi bwinobwino, mmaso motuwa pang'ono. Bipi imeneyi isakupusitseni, mayi woyembekezera ali ndi magazi ochuluka kuposa munthu wamba ndipo amatha kutaya lita yonse bipi ili chiimire, chomwe chimayamba kuulula ndi kugunda kwa mtima. Ine ndimagawa kugunda kwa mtima ndi nambala ya pamwamba ya bipi, apa 104 kugawa ndi 108 ikubwera 0.96, ndipo ikadutsa 0.9 ndimadziwa kuti thupi layamba kulimbana ngakhale mayi akumwetulira.

Pamimba ndi pomwe panali nkhani. Mimba yofewa, kukanikiza paliponse sakudandaula, ziwalo za mwana zikugwirika mosavuta, mtima wa mwana 142. Mwana anagona chopingasa, mutu kumanzere kwa mayi, pansi pa mchombo pamwamba pa chinena pali pofewa popanda mutu popanda matako. Pa masabata 31 mwana kugona chopingasa si zachilendo kwenikweni, koma ukaphatikiza ndi magazi ofiira opanda ululu umayamba kudzifunsa kuti kodi chakhala pampando wa mutuwo ndi chani. Mnzake wa vutoli, pomwe nsengwa ili pamalo ake abwino koma yamatuka nthawi isanakwane, tija timati abulapushoni, amabwera mosiyana: mayi amalira ndi ululu, mimba imauma gwa ngati thabwa, magazi amakhala akuda ndipo nthawi zina ochepa kunja pomwe ambiri abisala mkati, mwana mtima wake umasokonekera kapena osamvekanso, kawirikawiri bipi imakhala yokwera. Komabe ndaonapo abulapushoni yaing'ono yosapweteka, ndaonaponso nsengwa yapakhomo mayi akumva zowawa chifukwa matenda ayamba, nde manja ndi maso zimangokulozera njira, chogamula ndi sikani.

Tisanapite ku sikani tinaika kanula yachiwiri yaikulu, ya 16, kutenga magazi a labu. Hemogulobini, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, 9.1, gulu O pozitivi, malungo palibe. Ndinasiyanso mamililita 2 mu kabotolo ka galasi nkukagwira mmanja, pa mphindi 5 anali ataundana, kutanthauza kuti magazi awo akugwirana bwino. Akanakhala a gulu la negetivi tikanafunika kuganiza za jakisoni wa anti-D woletsa thupi la mayi kulimbana ndi magazi a mwana, koma apa ayi.

Za sikani

Apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, ineyo ndikuphatikizidwa. Makina athu ndi akale, ali ndi pulobu, kachida kogwira mmanja posikana kaja, imodzi yokha ya pamimba. Chomwe ukufuna kuona ndi zinthu ziwiri pa chithunzi chimodzi: khomo lamkati la chiberekero, ndi mphepete ya pansi ya nsengwa. Ukaona chimodzi chokha sunaone kanthu. Pulobu umayiimika motsata msana wa mayi, pamwamba penipeni pa fupa la chinena, chikhodzodzo chimaoneka chakuda chakumanja kwa sikirini, kuseri kwake ndi khomo, ngati kamzere kopyapyala pakati pa minofu iwiri. Ukatsata kamzereko kupita mmwamba pomwe kathera ndi khomo lamkati. Kenako umafufuza nsengwa, yotuwa ngati chiwindi, nkuitsata mpaka pomwe yathera.

Ulendo woyamba ndinawasikana chikhodzodzo chili chodzadza kwambiri chifukwa cha madiripi aja, ndipo chithunzi chinkaonetsa ngati nsengwa yakwera kwambiri khoma lakutsogolo, pomwe pali chipsera cha opaleshoni yakale, mtima wanga unangoti phaa. Koma chikhodzodzo chikadzadza chimakankha khoma lakutsogolo kukaligunditsa lakumbuyo, khomo limaoneka lalitali monyenga, ndipo nsengwa imaoneka ngati ili pomwe palibe. Chiberekero chikamangika pang'ono chimachitanso chimodzimodzi, mnofu umatupa nkumaoneka ngati nsengwa. Nde ndinawauza akataye madzi, tinadikira mphindi 20, nkubwerezanso. Ulendo uno vuto linali lina, kumunsi sikumaoneka bwino chifukwa fupa limatchinga. Kuchipatala chachikulu akanagwiritsa pulobu yolowetsa kunjira, yomwe anthu ambiri amayiopa akamva za magazi koma ndi yotetezeka mmanja mwa wodziwa chifukwa imaima patali ndi khomo ukuliona pa sikirini, silowa mkati mwa khomo ngati chala, ndipo ndi yomwe imapereka muyeso wodalirika makamaka nsengwa ikakhala kumbuyo. Ife tilibe. Chomwe ndinachita ndikuveka pulobu ya pamimba ija golovesi, jelo mkati ndi kunja, nkuyigoneka panja pa maliseche osalowetsa, nditawafotokozera kaye mayi ndipo asisita ali pomwepo. Chithunzi chake chimabwera chozondoka poyerekeza ndi chomwe unazolowera koma khomo limaoneka bwino kwambiri.

Zomwe ndinapeza: nsengwa yaikulu ili khoma lakumbuyo, yatsika mpaka kuphimba khomo lamkati lonse nkudutsa kupita kutsogolo ndi mamilimita pafupifupi 25. Mwana mmodzi, chopingasa, madzi okwanira, miyeso ya mutu ndi ntchafu ikugwirizana ndi masabata 31, kulemera kongoyerekeza makilogalamu 1.6. Matchulidwe amasiku ano ndi osavuta kusiyana ndi magiredi 1 mpaka 4 omwe tinaloweza ku koleji: nsengwa ikaphimba khomo ndiye pulasenta pireviya, ikakhala kuti mphepete yake ili mkati mwa mamilimita 20 kuchokera pakhomo koma sinaphimbe timangoti yatsika, ikapitirira 20 ili bwino. Amayiwa inali yophimbiratu.

Mwana wa sukulu amene ndinali naye anafunsa funso labwino, akuti nanga si amati nsengwa imakwera yokha? Inde, koma sikuti imayenda. Mbali ya kumunsi ya chiberekero imakula nkutambasuka miyezi yomaliza, nde nsengwa yomwe pa masabata 20 imaoneka yotsika imapezeka yatalikirana ndi khomo, ndipo mwa 10 zotero pafupifupi 9 zimakhala zachoka pofika kumapeto. Nchifukwa chake woona nsengwa yotsika pa masabata 20 samuopseza mayi, amangolemba mu buku kuti adzasikanidwenso pa 32, ikakhala ikadali pompo pa 36. Pamapeto penipeni vutoli limatsala mwa amayi pafupifupi mmodzi pa 200. Koma nsengwa yophimba khomo ndi mamilimita 25 pa masabata 31, pa chiberekero cha chipsera, imeneyo osayembekezera kuti ichoka. Ndipo kutambasuka komweko ndi komwe kumabweretsa magazi: khoma likukoka, nsengwa siyikoka, timitsempha ta mmphepete timaduka, magazi ali pakhomo pomwepo nde amangotuluka osaunjikana mkati, nchifukwa chake amakhala ofiira ndipo sapweteka.

Chinatsala ndi funso la chipsera. Nsengwa yapakhomo ikakumana ndi chipsera cha opaleshoni imatha kumera mizu kulowa mu mnofu wa chiberekero osamatukanso mwana akabadwa, akireta imeneyo. Manambala omwe timaphunzitsidwa ndi oti mayi wa pireviya amene sanapangidwepo opaleshoni mpata wake ndi 3 pa 100, amene anapangidwapo kamodzi 11 pa 100, kawiri 40 pa 100. Nde ndinayang'ana kambali kakutsogolo kaja mosamala chikhodzodzo chili ndi madzi pang'ono: kamzere kakuda kopyapyala pakati pa nsengwa ndi khoma kanalipo, mkati mwa nsengwa munalibe maenje akuluakulu osalongosoka aja ooneka ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, khoma la chikhodzodzo losalala. Ndinajambula sikirini pa foni nkutumizira dokotala wa amayi wa kuchipatala chachikulu, tinakambirana, anati palibe chizindikiro chooneka koma sikani yabwino sichotsa mpatawo kotheratu, mukonzekere ngati ilipo. Zikanaoneka zizindikiro tikanawatumiza tsiku lomwelo magazi atasiya, chifukwa akireta si ya pa chipatala cha boma chaching'ono.

Titadziwa pomwe nsengwa ili ndinayang'ana ndi sipekulamu, chida chotsegulira kunjira kuti khomo lioneke, pang'onopang'ono, osatsegula kwambiri. Khomo lotseka, losalala, palibe chotupa. Izi sindidumpha chifukwa kuno khansa ya khomo la chiberekero ndi yambiri ndipo nayonso imatulutsa magazi osapweteka.

Masabata odikira

Magazi oyamba a pireviya nthawi zambiri amasiya okha, ndipo apa ndi pomwe pali msampha. Pofika tsiku lachiwiri padi inali youma, mayi akuseka ndi aneba awo a pa bedi, tsiku lachinayi apongozi anandiimitsa pakhonde. "Adokotala, mwanayu wachira, kumudzi anzathu adzala kale, ana asiyidwa okha, tiloleni tizipita tidzabwera mwezi wake ukakwana." Sindinawaone ngati ovuta, mvula yoyamba ukaiphonya waphonya chaka. Ndinatenga botolo la diripi lopanda kanthu nkulizondotsa, ndinaika chikhatho pakamwa pake ndikuti mayi, mwana ali mmwambamu, potulukira ndi apa, ndiye nsengwa yagona chonchi. Magazi munaona aja anali kugogoda chabe, adzabweranso, sitidziwa tsiku, ndipo achiwiri amakonda kuposa oyamba. Ndinawafunsa kuti kuchokera kwanu usiku mvula itagwa mumafika kuno nthawi yanji, iwo anangoti "mtsinje ukadzadza ndiye mpaka kuche." Anayankha okha funso lawo. Kumaiko komwe mayi ali ndi galimoto pakhomo ndipo chipatala chili pa mphindi 15 ena amawalola kukadikira kunyumba, ife sitingayerekeze. Ngakhale ku chidikiro sindinawatumize, ndinawasunga mu wodi momwemo bedi loyandikira tebulo la anamwino.

Cholinga chodikira ndi choti mwana akhwime, bola mayi asakhale pa ngozi. Tinapereka dekisametazoni mamiligalamu 6 pa mnofu maola 12 aliwonse kanayi, kuti mapapo a mwana akonzeke ngati tingakakamizike kumutulutsa msanga. Mapilisi a ayironi tsiku lililonse, alubendazo wa njoka za mmimba kamodzi, fansida pa nthawi yake, neti usiku. Pamwamba pa faelo ndi pakhoma pa bedi ndinalemba ndi maka yofiira kuti osapima kunjira, chifukwa mashifiti amasintha ndipo ana a sukulu amabwera atsopano sabata iliyonse. Bambo atabwera Loweruka tinakhala pansi atatu, ndinafotokoza kuti kubereka ndi pa opaleshoni basi palibe njira ina, kuti mwina adzafunika magazi, ndipo kuti magazi akakana kusiya tikhoza kuchotsa chiberekero kuti tipulumutse moyo. Mawu amenewa ndi bwino munthu awamve masana ali bwinobwino, osati akuthamangitsidwa pa tirole. Mayi okha anapempha kuti atsekedwe, anati ana anayi akwana, tinakambirananso patapita sabata ali okha kuti nditsimikize kuti ndi maganizo awo, anasainira. Achibale awiri anapereka magazi, labu inatisungira mapaketi awiri ogwirizana ndi magazi awo.

Tsiku la opaleshoni tinaika pa masabata 36. Kwa mayi wa pireviya amene sanatayepo magazi malangizo amati pakati pa 36 ndi 37, amene wakhala akutaya amatha kutulutsidwa kuyambira pa 34 kutengera mmene zikuyendera. Sudikira 39 ngati opaleshoni zina chifukwa sabata iliyonse yowonjezera ndi mpata woti matenda ayambe okha usiku.

Pa masabata 33 ndi masiku 5 anatayanso, cha mma 11 usiku, mamililita ngati 300. Apa ndi pomwe tinagwidwa tulo ndipo mlandu wina ndi wanga. Kanula yomwe inali pa mkono inali itakhala masiku ambiri, yotsekeka, palibe amene anayiyesa, asisita anavutika kupeza mtsempha wina ndi tochi. Kuimba ku labu, mapaketi awiri aja limodzi linaperekedwa kwa mwana wa malungo dzana lake, zomwe sizolakwika, magazi sungawasunge mu filiji mwana akufa, koma palibe anatiuza ndipo ine sindinafunse. Mwamwayi magazi anasiya okha patatha ola, mtima wa mwana uli bwino, hemogulobini yomwe inakwera kufika 10.2 inatsika kufika 9.4. Kuyambira tsiku limenelo pa raundi ya mmawa ndinkafunsa zinthu zitatu ndisanafunse china chilichonse: kanula ikuyenda? ku labu kuli mapaketi angati a mayiwa lero? usiku uno wogonetsa ndi wopanga opaleshoni ndi ndani, akudziwa za bedi ili? Sikani ya pa masabata 34 inaonetsa zomwezija, nsengwa sinasunthe, mwana akadali chopingasa.

Opaleshoni

Sitinafike pa 36. Pa masabata 35 ndi tsiku limodzi, 5 koloko mmawa, anadzuka kupita ku bafa magazi nkuyamba kuchucha mmiyendo mpaka pansi, ulendo uno akumvanso mimba kumangika patalipatali. Mtima 118, bipi 100/60, wa mwana 150. Panalibenso zodikira. Makanula awiri anali oyenda, mapaketi awiri analipo ndipo tinawatenga kupita nawo mu fiyeta tisanayambe, dokotala wamkulu wa chipatala anabwera kudzaima nane chifukwa opaleshoni iyi si yopanga wekha ndi mwana wa sukulu. Wogonetsa anaona kuti atalandira madzi mtima watsika kufika 100 ndipo magazi achepa, anabaya jakisoni ya pamsana yochititsa dzanzi, ketamini ali nayo pafupi kuti zikasintha awagonetse. Akanakhala kuti akutayabe kwambiri bipi ikugwa, ya pamsana sikanayenera chifukwa imagwetsanso bipi.

Ndisanatsuke mmanja ndinaikanso pulobu pamimba mphindi imodzi kuti ndione pomwe mphepete yakutsogolo ya nsengwa yathera ndi komwe kuli miyendo ya mwana. Tinatsegula motsata chipsera chakale cha pakati. Kumunsi kwa chiberekero kunali mitsempha yotupa ngati nyongolotsi koma panalibe kutumphuka kwa buluu kuja komwe kumakuuza kuti nsengwa yaboola, chikanakhalapo sitikanayikhudza nsengwayo. Ndinacheka chopingasa koma chokwererapo, pamwamba pa mphepete ija, kuti ndisadutse mu nsengwa, chifukwa ukadula nsengwa amene akutaya magazi ndi mwananso ndipo mwana wa makilogalamu awiri magazi ake onse sakwana ndi botolo la fanta lomwe. Ndinagwira phazi nsupa isanasweke, kenako linzake, nkumutulutsa chamatako. Mtsikana, makilogalamu 2.3, analira pompo.

Okisitosini, mankhwala omangitsa chiberekero, mayunitsi 10, nsengwa inabwera yonse ndi kukoka pang'ono pa mchombo, tonse tinapuma. Koma pireviya nkhondo yake yeniyeni imayamba nsengwa ikatuluka. Kumtunda kwa chiberekero kuli mnofu wochindikala womwe ukamangika umafinya mitsempha, kumunsi mnofu ndi wochepa, sumangika bwino, nde pamalo pomwe panali nsengwa pamangosefukira. Kumtunda kunali kolimba ngati mwala koma kumunsi khoma lakumbuyo likungotuluka magazi malo anayi asanu. Munthu ukangogwira pamwamba nkumva kulimba ukhoza kutseka mimba ukuganiza kuti zatha, magazi akutsikira kunjira pansi pa nsalu pomwe sukuona, nchifukwa chake ndinapempha namwino wina kuti azisuzumira pansipo nkumatiuza. Tinapereka tiranekisamiki asidi, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, galamu imodzi pa mtsempha kwa mphindi 10, okisitosini mayunitsi 40 mu lita ya diripi, tinatulutsa chiberekero panja nkukanikiza ndi nsalu zotentha, kenako kusoka malo otulukawo limodzilimodzi ndi masitichi opingasa. Atatu anasiya, koma chapafupi ndi khomo pankanyenyerabe. Tinamanga kondomu pa kateta, kuyiika kumunsiko mchira wake kutulukira kunjira, kutseka chiberekero mosamala kuti singano isaboole, nkuthira madzi a diripi mamililita 300 mu kondomuyo kuti ifufume nkukanikiza potuluka magazipo. Tinadikira mphindi 10 mimba ili chitsegukire tikuyang'ana pansi. Kouma. Zikanakana, chotsatira chinali kumanga mitsempha ya chiberekero mbali zonse, zikakananso kuchotsa, ndipo tinali titagwirizana kale kuti sitidikira mpaka mayi azizire tisanaganize zimenezo. Tinatseka machubu monga anapemphera nkutseka mimba.

Magazi onse otayika, kuphatikiza a mu botolo, nsalu ndi a ku bafa aja, tinayerekeza mamililita 1,800. Analandira mapaketi onse awiri, loyamba likuyamba tili mkati mwa opaleshoni. Maola awiri oyamba namwino ankayeza mphindi 15 zilizonse, mtima, bipi, padi, msinkhu wa chiberekero, mkodzo mu thumba. Kondomu tinayiphwetsa pang'onopang'ono mawa lake masana, dala nthawi yomwe fiyeta ndi labu kuli anthu, maantibayotiki akupitirira. Hemogulobini tsiku lachiwiri inali 8.3, sitinawonjezere magazi chifukwa ankayenda okha osachita chizungulire, tinapitiriza ayironi wa miyezi itatu.

Mwana anapuma mothamanga maola oyamba, anakhala pa okisijeni ku nazale usiku umodzi, shuga wake tinkayeza chifukwa ana obadwa pa 35 amakonda kutsika shuga ndi kuzizidwa, tsiku lachiwiri anayamba kuyamwa ndipo anapita ku kangaru. Anatuluka onse tsiku la 8 mwana ali ndi makilogalamu 2.25, kubwera ku sikelo ya masabata 6 anali 3.4, bala la mayi louma, hemogulobini 10.6.

Pa mitingi tinakangana pang'ono pa funso loti kodi magazi achiwiri aja a pa 33 ndi masiku 5 sanali chizindikiro choti tisunthe tsiku kubwera pa 34 kapena 35, tipange masana tili okonzeka mmalo modikira kuti atithamangitse mbandakucha. Mnzanga wina anati inde, mayi wa chipsera, wataya kawiri, dekisametazoni analandira kale, kudikira 36 kunali kufuna zambiri. Ine ndinati nazale yathu ndi yaing'ono, makina othandiza kupuma ndi ochepa ndipo nthawi zambiri amakhala ali ndi ana ena, sabata imodzi mmimba kwa mwana wa 34 si yochepa. Mpaka pano ndikaganiza ndimapendekera kwa mnzangayo pang'ono, mwina 35 yeniyeni Lolemba mmawa ikanakhala pakati pabwino. China chomwe tinagwirizana popanda mkangano ndi choti mayi aliyense wa chipsera amene akuyamba sikelo ku helefu senta azitumizidwa kudzasikanidwa kamodzi asanafike masabata 24, ndipo wosikanayo azilemba mu buku pomwe nsengwa ili, osangolemba kuti mwana ali moyo ndi masabata ake. Mu buku la mayiwa, pa mzere wa sikani, munali mopanda kanthu mpaka usiku wa zitenje ziwiri uja.